Valavu ya sitimu ikakana kutseka pa dulaya ya tiyi

*Ndine tekinishani pa fakitale ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Mpweya wolowa mu dulaya timauika pa madigiri 120. Ndikugwiritsa ntchito P yekha, kutentha kunkaima m'munsi pang'ono, osafika. Nditatsegula I kunafika ndendende. Koma tsopano sitimu ikachepa kwa kanthawi n'kubwereranso, kutentha kumalumpha kupitirira 140 valavu ili chitsegukire, tiyi n'kupserera. Kodi I ameneyu ndimuchotse?*

Musamuchotse, achimwene. P ndi I ndi mbali za kontolola ya PID yomwe imatsegula ndi kutseka valavu ya sitimu kuti kutentha kukhale pomwe mwaika. Khalidwe lomwe lakufikitsani pa 120 ndi lomwelo lomwe likukuwotcherani tiyi, ndipo khalidwe lake n'lakuti I saiwala. Mankhwala ake ndi kumuuza nthawi yomwe ayenera kusiya kulemba.

Ndigwiritsa ntchito manambala ongoyerekeza koma ofanana ndi zomwe munthu amapeza pa dulaya yotenthetsa ndi sitimu. Anuwo mudzaikemo nokha. Tinene kuti mpweya wakunja uli pa madigiri 20, ndipo sitimu ikakhala yokwana, peresenti imodzi iliyonse yomwe valavu yatseguka imakweza kutentha ndi madigiri 1.25. Valavu ikatseguka yonse mufika pa 145. Kuti mukhale pa 120 valavu iyenera kuima pa 80 peresenti. Nambala ya 80 imeneyi muisunge, tiibwerera kangapo.

P amayang'ana chinthu chimodzi chokha, mpata womwe ulipo pakali pano pakati pa `SP`, kutentha komwe mwaika, ndi `PV`, kutentha komwe sensa ikuwerenga. Mpatawo timaulemba `e`. Tinene kuti `Kp` wanu ndi 4, kutanthauza kuti digiri imodzi yoperewera imatsegula valavu ndi 4 peresenti. Pa makontolola ambiri a pa panelo zimenezi zimalembedwa ngati bandi, ndipo apa bandi yake ndi madigiri 25. Vuto lili poyera. Kutentha kukafika pa 120, `e` ndi ziro, ndiye P alamula valavu kuti itseke. Koma dulaya imafuna 80 peresenti kuti ikhale pa 120 pomwepo. P sangatsegule valavu popanda kuperewera, choncho makina amakakhazikika pamalo pomwe kuperewerako kukukwanira kusunga valavu yotseguka. Pa manambala athuwa malowo ndi madigiri 103.3, valavu ili pa 66.7 peresenti. Yesani: 16.7 kuchulukitsa ndi 4 ndi pafupifupi 66.7, ndipo 66.7 kuchulukitsa ndi 1.25, kuphatikiza 20, ikubwezerani cha pa 103.3.

Inu munaona kuperewera kochepa chifukwa kontolola yanu ili ndi nambala yoyambira yomwe imawonjezera pa P. Mukaiika pa 80, zonse zikhala bwino tsiku lomwe kunja kuli madigiri 20. Koma kubwere chiperoni, mmawa wa Juni kapena Julaye, nkhungu itakuta minda yonse, fani ikukoka mpweya wa madigiri 12. Tsopano dulaya ikufuna 86.4 peresenti. Zowonjezerazo P angazipeze pokhapokha kutentha kutaperewera, ndipo mudzakhazikika cha pa 118.7. Mukakweza `Kp` mpatawo uchepa koma sutha, ndipo mukapitiriza kukweza, kutentha kuyamba kukwera n'kutsika chifukwa chitsulo cha ladiyeta chimachedwa kutentha ndi kuzizira.

Kale opareta ankakonza zimenezi ndi dzanja. Akaona singano yaima pansi pa mzere, ankapotokola nambala yoyambira ija pang'ono, n'kudikira, n'kupotokolanso mpaka singano ifike. I ndi ntchito yomweyo itapatsidwa kwa makina, n'chifukwa chake pa makontolola akale mumaona palembedwa `Reset`. Ziegler ndi Nichols, polemba malamulo awo otchunira mu 1942, ankagwiritsa ntchito dzina lomweli.

```
u = Kp*e + I
I = I + (Kp/Ti)*e*dt
```

Apa `u` ndi peresenti yomwe kontolola ikupempha kuti valavu itseguke, `Ti` ndi nthawi yomwe mumatchunira I, ndipo `dt` ndi kanthawi kapakati pa kuwerengera kumodzi ndi kotsatira. Mzere wachiwiriwo ndi buku la ngongole. Kanthawi kalikonse kontolola imatenga mpata womwe ulipo, n'kuwonjezera pa zomwe zinalembedwa kale. Ndi `Ti` wa mphindi 5, yemwe pa sikirini angaoneke ngati masekondi 300, `Kp/Ti` ndi 0.8. Digiri imodzi yoperewera kwa mphindi imodzi imawonjezera 0.8 peresenti pa I. Mmawa wa chiperoni uja, mpata wa madigiri 1.3 uyamba kukweza I ndi pafupifupi peresenti imodzi pa mphindi. Valavu itseguka pang'ono, kutentha kukwera, mpata uchepa, I achedwetsa kukwera, mpaka aime pa 86.4.

Chifukwa chomwe mpata umatheratu n'chosavuta, ndipo sichidalira manambala. I amasiya kusintha pokhapokha `e` ali ziro. Ngati mpata ulipo, ngakhale wochepetsetsa, I akuyenda ndithu, valavu ikuyenda, ndiye kuti makina sanakhazikike. Malo okhawo omwe zonse zingaime ndi pomwe `PV` yafanana ndi `SP`. Ndipo mpata ukatha I sabwerera pa ziro, amangoima pomwe wafika n'kugwira valavu pa 86.4. Sanauzidwe za chiperoni kapena za kukula kwa ladiyeta, koma wapeza yekha mlingo woyenera.

Komano mfundo yokongolayi yatsamira pa chinthu chimodzi chomwe sichilembedwa mu masamu aja: kuti I akawonjezera, valavu imamvera. Valavu ili ndi malire. Siginolo ikafika pa 20 mA, valavu yatseguka yonse, basi. Masamu a mkati mwa kontolola malire amenewo sawadziwa pokhapokha mutawauza.

Tiyeni tilondole tsiku lanu loipa mphindi ndi mphindi. Ndi Febuluwale, masamba achuluka, mvula yagwa sabata yonse, nkhuni za bulugamu zomwe zalowa mu boila ndi zonyowa. Pulesha ya sitimu yatsika, moti ngakhale valavu itatseguka yonse mpweya ukungofika pa 105. Mpata ndi madigiri 15. P akupempha 60, I anali pa 80, zonse pamodzi 140 peresenti, pomwe valavu yathera pa 100. Kuyambira pamenepa chilichonse chomwe kontolola ingawonjezere sichikufika ku dulaya. Koma I akulembabe, 0.8 kuchulukitsa ndi 15, yomwe ndi 12 peresenti pa mphindi iliyonse. Anyamata a ku boila atenga mphindi 20 kuti moto ugwire. Pa mphindi 20 zimenezo I wawonjezera 240, wachoka pa 80 wafika pa 320. Kuunjikana kumeneku ndi komwe amakutcha wayindapu.

Sitimu yabwerera. Kutentha kukukwera, 110, 115, 120. Pa 120 P watsika kufika pa ziro monga ayenera, koma I yekha akupempha 320, ndipo valavu sigwedezeka n'komwe. Kutentha kupitirira mpaka kukagunda pa 145, pomwe sitimu yathera mphamvu. Apo mpata ndi madigiri 25 opitirira, P akuchotsa 100, koma 320 kuchotsa 100 ndi 220, yomwe idakali kutali pamwamba pa malire. Kuti valavu ingoyamba kusuntha, I ayenera kutsika kufika pa 200. Pa madigiri 145 amatsika ndi 20 pa mphindi, choncho ndi mphindi pafupifupi 6 valavu ili yasa. Ikayamba kutseka nkhani sinathe, chifukwa I ayenera kubwerera mpaka pa 80 paja, ndipo njira yokhayo yotsikira ndi kuti kutentha kukhale pamwamba pa 120.

Pali kawerengedwe kachidule komwe ndimakonda kuphunzitsa anyamata, chifukwa munthu amatha kukachita ataimirira pa panelo. Chulukitsani madigiri operewera ndi mphindi zomwe anaperewera: 15 kuchulukitsa ndi 20 ndi 300. Ngongole yake ndi imeneyo, ndipo kontolola idzaibweza yonse mbali inayo. Kaya ndi madigiri 25 opitirira kwa mphindi 12, kaya ndi madigiri 10 kwa theka la ola, 300 ayenera kukwana. Tiyi yense wodutsa mu dulaya nthawi imeneyo ndi amene akulipira.

Ndinaziona koyamba ndili pa fakitale ina ku Mulanje, shifiti ya usiku. Fungo ndi lomwe linatiuza tisanayang'ane panelo, fungo lija la tiyi wouma mopitirira lomwe limakhala ngati chimanga chokazinga chikapserera m'chiwaya. Bambo wina wachikulire yemwe ankayendetsa dulaya anali atagwira kale gudumu la valavu ya pamanja, akulipotokola ndi chiguduli chifukwa cha kutentha, maso ali pa manambala. Anandiuza kuti, "Mwana wanga, makinawa sitimu ikabwera amaiwala kutseka. Ndimawatsekera ine." Anali atachita zimenezi kwa nyengo zingapo, ndipo chinthu chomwe ankachidziwa ndi manja ake chinali cholondola kwambiri. Mawu okhawo ndi omwe ndinasintha pambuyo pake. Makinawo sankaiwala, ankakumbukira mopitirira.

Musanakhudze chilichonse, tsimikizani kuti matenda ndi amenewadi. Yang'anani manambala atatu limodzi, `SP`, `PV` ndi `OUT`, yomwe ndi peresenti yomwe kontolola ikutumiza ku valavu. Ngati mulibe chojambulira, khalani ndi kope muzilemba pa masekondi 30 aliwonse sitimu ikamabwerera. Chizindikiro cha wayindapu n'chimodzi: `PV` yadutsa `SP`, koma `OUT` idakali pa 100 kwa mphindi zingapo. Chinanso n'chakuti sitimu ikasowa nthawi yaitali, kulumphako kumakhalitsanso. Ngati `OUT` ikutsika bwinobwino koma kutentha osamvera, vuto lili ku valavu, mwina yamata kapena mpweya woikankha wachepa. Ngati kutentha kukukwera n'kutsika mosalekeza `OUT` osafika pa malire, ndiye kuti `Kp` wakula kapena `Ti` wafupika. Matenda atatuwa amasokonezedwa kawirikawiri, ndipo ndaonapo anthu akutalikitsa `Ti` kuti athetse wayindapu. Zimachepetsa ululu, chifukwa I amaunjikana pang'onopang'ono, koma mwagula dulaya yaulesi tsiku lililonse kuti mupepukidwe pa tsiku limodzi loipa.

Njira yoyamba yokonzera, yomwe aliyense amaiganiza, ndi kuikira I malire kuti asapitirire 100 kapena kutsika pansi pa ziro. Imathandiza kwambiri. M'malo mwa 320, I aima pa 100. Koma taonani zotsala: kutentha kukafika pa 120, valavu idakali pa 100 pomwe ikufunika 80. Maperesenti 20 owonjezerawo, kugawa ndi 0.8, ndi ngongole ya 25, monga madigiri 5 opitirira kwa mphindi 5. Kuchoka pa 300 kufika pa 25 ndi phindu lalikulu, koma valavu ikuyambabe kutseka mochedwa, kutentha kutadutsa kale.

Njira yomwe ine ndingayambe nayo pa dulaya yanu ndi yoimitsa kulemba. Lamulo lake ndi ili: ngati valavu yafika pa malire, ndipo mpata ukukankhira mbali yomweyo ya malirewo, I asasinthe.

```
u   = Kp*e + I
out = min(max(u, 0), 100)
if out == u or (u > 100 and e < 0) or (u < 0 and e > 0):
    I = I + (Kp/Ti)*e*dt
```

Tibwerezenso tsiku la nkhuni zonyowa lija. Sitimu ikamatsika, kutentha kukangoperewera ndi madigiri 4 kapena 5, P ndi I pamodzi afika pa 100, ndipo I aima pomwepo, mwina pa 83. Akhala pa 83 kaya sitimu isowe mphindi 20 kaya ola lathunthu. Sitimu ikabwerera, valavu iyamba kutseka kutentha kuli cha pa 116, kusanafike n'komwe pa 120, ndipo I ali kale pafupi ndi 80 yemwe akufunika. Samalani ndi mbali ziwiri zomaliza za mzere wa `if` uja. Mukazisiya, n'kungoti I aziima nthawi iliyonse valavu ili pa malire, tsiku lina I adzapezeka ali pamwamba, mwina mutasintha `SP` kapena `Kp`, ndipo adzakanika kutsika ngakhale kutentha kutapitirira. Ayenera kuloledwa kuyenda ngati akuyenda chobwerera.

Njira yachitatu ndi yomwe mumaipeza m'mabuloko ambiri a PID a mu PLC, kompyuta yoyendetsa makina a m'fakitale. M'malo moimitsa I, mumamubwezera uthenga wa kusiyana pakati pa zomwe kontolola inapempha ndi zomwe valavu yakwanitsa.

```
I = I + ((Kp/Ti)*e + (out - u)/Tt)*dt
```

Valavu ikakhala pakati, `out` ndi `u` ndi ofanana ndipo mbali yatsopanoyo ndi ziro, kontolola igwira ntchito monga kale. Ikafika pa malire, mbaliyo imakoka I kumubweza. Mphamvu ya kukokako ili mu `Tt`, ndipo apa ndi pomwe ambiri amangoika nambala mwachisawawa, choncho tiwerenge. Pa mpata wa madigiri 15, mbali yoyamba ikukankha ndi 12 pa mphindi. I aima pomwe kukoka kwafanana ndi kukankha. `Tt` akakhala mphindi 5, wofanana ndi `Ti`, zifanana pomwe `u` wapitirira malire ndi 60, ndiye `u` ndi 160, kuchotsa 60 wa P, I aima pa 100. Zikufanana ndi njira yoyamba ija. `Tt` akakhala mphindi imodzi, `u` aima pa 112 ndipo I agwa kufika pa 52. Tiyi sapserera, koma valavu iyamba kutseka molawirira kwambiri, ndipo kutentha kukwawa pang'onopang'ono kuti kufike pa 120 pomwe I akukweranso kupita pa 80. Tiyi wotuluka nthawi imeneyo akhoza kukhala wosauma bwino, ndipo tiyi yemwe chinyezi chake chapitirira 3 peresenti yomwe timafuna sasungika bwino. `Tt` wa mphindi ziwiri ndi theka aika I pa 70, pafupi ndi 80 koma chakumunsi, ndipo pa manambala athuwa ndi pomwe ndingayambire. Ngati mukugwiritsanso ntchito D, mbali yoyang'ana liwiro lomwe kutentha kukusinthira, `Tt` akhale pakati pa nthawi yake `Td` ndi `Ti`. Mukamufupikitsa mopitirira, kaphokoso kalikonse ka pa sensa kokankha `u` pa malire kadzafufuta zomwe I anasunga.

Ngati yanu ndi kontolola yaing'ono ya pa panelo yomwe simungalembemo mzere uliwonse, tsegulani buku lake mufufuze `ARW`, chomwe ndi chitetezo cha wayindapu. Pa mitundu ina nambala imeneyi imaika malire pa I, pa ina imanena kuti I azigwira ntchito pokhapokha kutentha kuli pafupi bwanji ndi `SP`. Werengani musanasinthe, chifukwa mukaipanikiza kwambiri I sangafike pa 86.4 ya mmawa wa chiperoni, ndipo mpata wanu wakale uja ubwerera.

Tsopano chinthu chomwe chimagwetsa ngakhale makontolola okhala ndi chitetezo chonsechi. Njira zitatuzi zimagwira ntchito kontolola ikadziwa kuti yafika pa malire. Nanga malire enieni akakhala kwina? Ngati valavu imakakamira pa 75 peresenti chifukwa cha dzimbiri kapena chifukwa wina anamanga chotchinga, kontolola iganiza kuti ili ndi mpata mpaka pa 100 ndipo I aunjikana mu gawo lomwe kulibe. Ngati opareta watseka valavu ya pamanja pokonza china, kontolola ili pa `AUTO`, ndi zomwezo. Magetsi akazima fani n'kuima, PLC n'kukhalabe yamoyo pa batire, I alemba ngongole nthawi yonse yomwe mukudikira jenereta. Choncho pitani pa valavu ndi munthu wina, muike kontolola pa `MAN`, mutumize 0, 50 ndi 100, muone ndi maso kuti mpini wafika pati. Ngati valavu ili ndi siginolo yobweza malo ake enieni, muike siginolo imeneyo pomwe pali `out` mu mzere wa njira yachitatu, `Tt` asakhale waufupi kuposa nthawi yomwe valavu imatenga kuti isunthe. Ndipo mulumikize kuti fani ikaima kapena pulesha ya sitimu ikatsika pansi pa mlingo womwe mwasankha, I aime. Pa `MAN`, I azitsatira zomwe opareta waika, kuti pobwerera pa `AUTO` valavu isadumphe.

Musaiwale mbali ya pansi. Valavu yodontha sitimu ngakhale itatsekeka imasunga kutentha pamwamba pa `SP` mukatsitsa mlingo, I n'kumatsika kulowa m'manambala a pansi pa ziro. Kenako mukafuna kutentha, valavu ichedwa kutseguka. Ndi matenda omwewo atatembenuzidwa, ndipo zotsatira zake ndi tiyi wonyowa m'malo mwa wopserera.

Mukakonza, yesani dulaya ilibe tiyi. Idikireni ikhazikike pa 120, mulembe `OUT`. Kenako chepetsani sitimu ndi valavu ya pamanja mpaka kutentha kutsike ndi madigiri 15, mudikire mphindi 10, mutsegulenso pang'onopang'ono monga mumachitira nthawi zonse ndi sitimu. Chomwe mukufuna kuona ndi `OUT` ikuchoka pa 100 kutentha kusanafike pa 120. Bwerezaninso modikira mphindi 20. Ngati kabwereredwe kake n'kofanana maulendo onse awiri, chitetezo chikugwira. Ngati ulendo wachiwiri walumpha kwambiri kuposa woyamba, I akuunjikanabe penapake.

Chitetezochi sichipanga sitimu. Pa mphindi 20 zija kutentha kudzakhalabe pa 105, ndipo tiyi wodutsa nthawi imeneyo adzatuluka ndi chinyezi chochuluka. Gwirizanani ndi opareta kuti `OUT` ikakhala pa 100 kupitirira mphindi ziwiri kapena zitatu alamu ilire, achepetse masamba olowa mu dulaya. Ndipo ngati pa tsiku wamba, sitimu ili bwinobwino, `OUT` yanu imakhala cha pa 95, ndiye kuti mulibe malo oyendera. Pamenepo kayang'aneni matilapu otulutsa madzi a sitimu, fumbi la tiyi lomwe lamata pa ladiyeta, ndi shedi ya nkhuni ngati ikudontha.